Chatsala chimodzi, ogula ndi awiri: momwe sitolo ya pa intaneti imasungira katundu

Kusungira wogula katundu ndi njira imene sitolo imaikira pambali chinthu chimene munthu waitanitsa, kuti chisagulitsidwe kwa wina pamene woyambayo akulipira. Katundu akakhala wambiri, ntchitoyi sioneka n'komwe. Imadzaonekera pamene chinthu chatsala chimodzi ndipo anthu awiri achiitanitsa pa nthawi yofanana. Apa sitolo iyenera kuvomera mmodzi yekha ndi kuuza winayo nthawi yomweyo kuti katunduyo watha. Ikalephera, onse awiri amalipira, onse amalandira uthenga wowathokoza, koma chowapatsa n'chimodzi.

M'golosale wamba vutoli silichitika, chifukwa paketi yomaliza ya shuga ikalowa m'manja mwa munthu mmodzi, winayo amaona ndi maso ake kuti pashelefu palibe kanthu. Pa intaneti wogula sagwira katundu. Chimene amaona ndi nambala yolembedwa m'kompyuta ya sitolo, ndipo nambala imodzi ikhoza kuwerengedwa ndi anthu ambirimbiri nthawi imodzi popanda aliyense kudziwa za mnzake.

Kumene vuto limabisala

Tiyerekeze kuti sitolo ina ya ku Lilongwe imagulitsa nyale za sola pa intaneti, ndipo mtundu wina, womwe m'kaundula wake ndi nambala 417, yatsala nyale imodzi. Kaundulayu amasungidwa mu pulogalamu yosunga zolembedwa, detabesi, yomwe imakhala ngati tebulo la mizere: mtundu uliwonse wa katundu uli ndi mzere wakewake. Pa mzere wa 417 palembedwa kuti zilipo ndi 1.

Wogula akadina batani loitanitsira, pulogalamu ya sitolo yolembedwa mosaganizira bwino imachita zinthu zitatu motsatizana. Imafunsa detabesi kuti nyale zatsala zingati. Yankho likabwera, imaona ngati nambalayo ikukwanira, n'kuchotserapo imodzi. Kenako imatumiza nambala yatsopanoyo kuti ilembedwe. M'chilankhulo cha SQL, chimene mapulogalamu amalankhulira ndi detabesi, funso ndi kulembako zimaoneka motere:

```sql
SELECT zilipo FROM katundu WHERE nambala = 417;
UPDATE katundu SET zilipo = 0 WHERE nambala = 417;
```

Pakati pa mzere woyamba ndi wachiwiri pamadutsa kanthawi kochepa kwambiri, koyezedwa m'mamilisekondi. Milisekondi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Kwa munthu kanthawi aka n'kosamveka, koma seva imene imayendetsa sitoloyo imatumikira ogula ambiri nthawi imodzi, ndipo pa kampata kameneka ikhoza kugwira ntchito ya munthu wina.

Wogula wa ku Mzuzu wadina batani. Pulogalamu yafunsa, yauzidwa kuti nyale ilipo imodzi. Patangotha mamilisekondi 3, wogula wa ku Blantyre nayenso wadina. Popeza oda yoyamba sinalembe kalikonse, funso lachiwirili nalo layankhidwa kuti nyale ilipo imodzi. Pa milisekondi ya 8, oda ya ku Mzuzu yalemba 0. Pa milisekondi ya 11, oda ya ku Blantyre nayo yalemba 0 pamwamba pa 0 woyambayo. Maoda awiri avomerezedwa pa nyale imodzi.

Chovuta kwambiri n'chakuti palibe gawo limene lalakwitsa palokha. Oda iliyonse inafunsa, inapeza katundu alipo, inachotsera moyenera. Ngakhale kaundula akuoneka woyera, chifukwa akusonyeza 0 monga mmene ziyenera kukhalira nyale ikagulitsidwa. Cholakwika chili pa mfundo yakuti chisankho chinapangidwa potengera nambala imene inali itakalamba kale pofika nthawi yolemba. Mwini sitolo amadzadziwa mawa lake, wopakira katundu akapeza mapepala awiri a oda ndi bokosi limodzi.

Kufunsa ndi kuchotsa zikhale chinthu chimodzi

Mankhwala a vutoli ndi kutseka kampata kaja. Pulogalamu isafunse kaye n'kudzalemba pambuyo, koma iuze detabesi lamulo limodzi lokhala ndi zonse ziwiri: chotsa imodzi, pokhapokha ngati ilipo.

```sql
UPDATE katundu
SET zilipo = zilipo - 1
WHERE nambala = 417 AND zilipo >= 1;
```

Lamuloli limagwira ntchito chifukwa cha khalidwe limene madetabesi odziwika monga PostgreSQL ndi MySQL ya InnoDB ali nalo. Lamulo lililonse losintha mzere limayamba laika loko pa mzerewo, ndipo lamulo lina lofuna kusintha mzere womwewo limadikira kufikira loyambalo litamaliza. Choncho ngakhale maoda awiri atafika pa milisekondi imodzi, imodzi mwa iwo ndi imene imatenga loko poyamba. Palibe kufanana mphamvu.

M'chitsanzo chija, oda ya ku Mzuzu yatenga loko, yapeza 1, yasintha kukhala 0, yamaliza. Oda ya ku Blantyre, yomwe inali kudikira, tsopano yaloledwa. Detabesi sigwiritsa ntchito nambala yakale, koma imayang'ananso mzerewo monga mmene ulili tsopano. Yapeza 0, ndipo 0 sakukwanira pa zimene lamulo lafuna, choncho siisintha kalikonse.

Chotsala n'chakuti pulogalamu imve yankho. Lamulo losintha likatha, detabesi imanena chiwerengero cha mizere imene yasinthidwa. PostgreSQL imayankha `UPDATE 1` kwa woyamba ndi `UPDATE 0` kwa wachiwiri. Yankho la 1 likutanthauza kuti nyale ndi ya wogulayo, ndipo la 0 likutanthauza kuti aonetsedwe uthenga wakuti katundu wangotha kumene. Wolemba pulogalamu akaiwala kuyang'ana yankholi, ntchito yonse ya loko imapita pachabe, chifukwa oda yachiwiri imapitirira ngati kuti yapambana.

Nthawi zina pulogalamu imafunikadi kuwerenga kaye isanasankhe chochita, mwachitsanzo pofuna kuona ngati wogulayo sanapyole malire a nyale ziwiri pa munthu. Pamenepo funso lenilenilo limatha kuika loko, powonjezera mawu akuti `FOR UPDATE` kumapeto kwa `SELECT`. Wofunsa wachiwiri amaimitsidwa pa funso pomwepo kufikira woyamba atamaliza. Pali chikhulupiriro chofala chakuti kungoika malamulo awiri aja pakati pa `BEGIN` ndi `COMMIT` n'kokwanira. Si zoona. Mawu awiriwa amatsimikiza kuti ntchito ichitike yonse kapena isachitike n'komwe, koma pa makonzedwe amene PostgreSQL ndi MySQL zimabwera nawo, `SELECT` wamba saika loko, ndipo ogula awiri aja adzawerengabe 1 onse.

Nthawi yolipira

Loko wa detabesi amakhala mamilisekondi ochepa, pamene kulipira kumatenga mphindi. Wolipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba amadikira uthenga pafoni, amalemba nambala yake yachinsinsi, ndipo mwina netiweki imadukaduka. Mwina apeza kuti ndalama sizikukwana n'kuthamangira kwa ejenti kukaika zina. Loko sangasiyidwe pa mzere nthawi yonseyi, chifukwa aliyense wofuna katundu wa mtunduwo angaimitsidwe, ndipo njira zolumikizirana ndi detabesi, zomwe zimakhala zowerengeka, zingadzaze ndi anthu odikira mpaka sitolo yonse kuima.

Sitolo ikanati ichotseretu nyale m'kaundula munthu akangoitanitsa, aliyense wosintha maganizo akanasiya nyale yooneka ngati yagulitsidwa pamene ili m'bokosi. Ikanati idikire ndalama zifike kaye, ogula awiri aja akanalipira onse, ndipo mmodzi akanafunika kubwezeredwa. Kusungira katundu kumaima pakati pa njira ziwirizi. M'malo mwa nambala imodzi, mzere wa katundu umakhala ndi ziwiri: zilipo, zomwe ndi nyale zimene zili m'nyumba yosungiramo katundu, ndi zosungidwa, zomwe ndi nyale zolonjezedwa kwa anthu amene akulipira. Zimene zingagulitsidwe ndi nambala yoyamba kuchotsapo yachiwiri.

```sql
UPDATE katundu
SET zosungidwa = zosungidwa + 1
WHERE nambala = 417 AND zilipo - zosungidwa >= 1;
```

Loko amagwirabe ntchito yake ya mamilisekondi posankha wopambana, kenako amachoka. Chimene chimatsala ndi lonjezo lolembedwa: oda yakuti yasungiridwa nyale imodzi kufikira nthawi yakuti. Kusintha nambala ndi kulemba odayo ziyenera kuchitika pamodzi, pakati pa `BEGIN` ndi `COMMIT`, kuti magetsi akathima pakati pa ntchito pasatsale nyale yosungidwa yopanda mwini.

Tiyerekeze kuti sitoloyi imasunga katundu kwa mphindi 15. Pa 10:00 m'mawa wogula wa ku Mzuzu wapambana, ndipo oda yake, nambala 9001, yalembedwa kuti ikudikira malipiro kufikira 10:15. Mzere wa 417 ukusonyeza zilipo 1, zosungidwa 1, kutanthauza kuti palibe chogulitsa. Wa ku Blantyre wauzidwa nthawi yomweyo, asanatulutse ndalama iliyonse. Kuchokera apa nkhani ikhoza kutha m'njira ziwiri. Malipiro akatsimikizika pa 10:04, nambala zonse ziwiri zimatsika kufika pa 0 ndipo nyale imapakiridwa. Nthawi ikakwana popanda malipiro, kapulogalamu kamene kamayendera maoda mphindi iliyonse kamaipeza odayo, kamailemba kuti yatha nthawi, n'kutsitsa zosungidwa kubwerera pa 0. Nyale yabwereranso pamsika, ndipo sitolo yochita bwino imatumiza uthenga kwa wa ku Blantyre uja ngati anapempha kudziwitsidwa.

Kutalika kwa lonjezo ndi poyambira pake

Nthawi yosungira siikidwa mwachisawawa. Ikachepa kuposa nthawi imene njira yolipirira imapatsa wogula, katundu amamasulidwa munthu akadali pakati polipira. Ikatalika, chinthu chomaliza chimakhala chotsekeredwa kwa munthu amene anatseka foni kalekale, pamene wofunadi kugula wapita kwina. WooCommerce, pulogalamu yotchuka yomangira masitolo a pa intaneti, ili ndi malo otchedwa `Hold stock (minutes)` oikira nthawiyi, ndipo imabwera italembedwa mphindi 60. Kwa sitolo yolandira ndalama za pafoni zokha, ola lathunthu lingakhale lalitali. Kwa sitolo yolola kutumiza ndalama kudzera kubanki, komwe munthu ayenera kutsimikiza ndi maso kuti zafika, ola lingachepe. Muyeso wabwino ndi kuona nthawi imene malipiro ochedwa kwambiri amatenga pa njira imene sitolo ikugwiritsa ntchito, n'kuwonjezerapo pang'ono.

Funso lina ndi lakuti lonjezo liyambe pati. Masitolo ambiri sasungira munthu katundu pamene wangomuika m'basiketi, chifukwa anthu ochuluka amadzaza basiketi pongoyerekeza mitengo. Akanasungiridwa, katundu akanaoneka kuti watha pamene palibe chimene chagulidwa, ndipo munthu wankhanza akanatha kutseka sitolo yonse pongodzaza mabasiketi. N'chifukwa chake kusungira kumayamba pamene wogula wadina batani lopita kolipira. Ichi ndiye chifukwa chakenso chimene wogula amatha kuona chinthu m'basiketi mwake koma n'kuuzidwa pomaliza kuti chatha. Ogulitsa matikiti a mipando yokhala ndi manambala amachita mosiyana: amasunga mpando munthu akangousankha, n'kumuonetsa wotchi yowerengera mphindi zotsala, popeza mpando uliwonse ndi womaliza wa mtundu wake.

Mpikisano wachiwiri

Kusungira kumabweretsa mpikisano winanso, umene ambiri sauganizira. Wogula wa ku Mzuzu walemba nambala yake yachinsinsi pa 10:14, koma uthenga wotsimikiza malipiro wafika kusitolo pa 10:15, nthawi yomweyo imene kapulogalamu komasula maoda kakuyendera oda 9001. Mbali imodzi ikufuna kulemba kuti yalipidwa, ina ikufuna kulemba kuti yatha nthawi. Zonse zikachitika, nyale imapakiridwa kupita ku Mzuzu komanso kubwezeredwa pamsika.

Njira yothetsera ndi yomwe ija, koma tsopano ikugwira pa mzere wa oda. Mbali iliyonse imasintha odayo pokhapokha ngati ikadali yodikira.

```sql
UPDATE maoda SET mkhalidwe = 'yalipidwa'
WHERE nambala = 9001 AND mkhalidwe = 'ikudikira';
```

Kapulogalamu komasula kamagwiritsa ntchito lamulo lofanana nalo, kungoti kamalemba `yatha_nthawi`. Yemwe walandira yankho la 1 ndi yekhayo amene amaloledwa kukhudza nambala za katundu. Ngati malipiro ndi amene alandira 0 chifukwa oda yatha nthawi, ndalama za wogula zafika kale ndipo sizingangonyalanyazidwa. Pulogalamu iyenera kuyesa kusunganso nyaleyo. Ikapezeka, oda imadzutsidwa n'kupitirira. Ikakhala kuti wa ku Blantyre waitenga kale, ndalama zibwezedwe mwamsanga ndipo wogula auzidwe momveka bwino chimene chachitika.

Lamulo lomweli limatetezanso ku uthenga wobwerezedwa. Makampani odutsitsa malipiro amatumizanso uthenga wotsimikiza akakhala kuti sanamve yankho la sitolo, choncho uthenga umodzi ukhoza kufika kawiri. Ukafika kachiwiri umapeza oda italembedwa kale kuti yalipidwa, umalandira 0, ndipo katundu sachotsedwa kawiri.

Oda ya zinthu zingapo

Wogula akaitanitsa nyale ndi batire, mizere iwiri iyenera kutsekedwa mu ntchito imodzi, ndipo apa pamabuka vuto la kutsekerana. Wa ku Mzuzu watseka mzere wa nyale, 417, ndipo akufuna wa batire, 520. Wa ku Blantyre anayamba ndi batire, watseka 520, ndipo akufuna 417. Aliyense akudikira mnzake, ndipo palibe amene angasunthe. Detabesi imazindikira zimenezi n'kuthetsa ntchito ya mmodzi. PostgreSQL imayamba kufufuza loko akadikiridwa kwa sekondi imodzi, kenako imapereka uthenga wakuti `deadlock detected`. Kupewa kwake n'kosavuta: pulogalamu izitseka mizere motsatira dongosolo limodzi nthawi zonse, mwachitsanzo kuyambira nambala yaing'ono kupita yaikulu, mosasamala kuti wogula anayamba kusankha chiti. Onse akayambira pa 417, wachiwiri amadikira pakhomo loyamba asanagwire kalikonse. Ngati chimodzi mwa zinthu ziwirizo chatha, ntchito yonse ibwezedwe m'mbuyo kuti chinacho chisatsale chosungidwa popanda chifukwa.

Zizindikiro ndi kuyesa

Vuto la mtundu uwu silioneka munthu mmodzi akamayesa sitolo pakompyuta yake, popeza iye sangapikisane ndi yekha. Limatuluka tsiku lotsitsa mitengo, kapena katundu wosowa akangolengezedwa. Komabe limasiya mapazi. Nambala ya katundu yotsika kupyola 0 kufika pa -1 imasonyeza kuti pulogalamu imachotsera mkati mwa detabesi koma imafunsa padera. Maoda olipidwa ochuluka kuposa katundu amene analowa, kaundula akusonyeza 0, amasonyeza vuto lolemberana pamwamba lija, ndipo nthawi zambiri maoda awiri omalizawo amapezeka kuti analembedwa m'sekondi imodzi. Katundu amene ali pashelefu koma intaneti ikuti watha amasonyeza kuti kapulogalamu komasula kaima. Chotsimikizira n'kuwerenga maoda onse odikira a mtundu umodzi wa katundu ndi kuyerekeza ndi nambala ya zosungidwa, zomwe ziyenera kufanana nthawi zonse.

Detabesi ikhoza kupatsidwa lamulo lokhazikika lokana zolembedwa zosatheka, kaya zichokere ku gawo liti la pulogalamu:

```sql
ALTER TABLE katundu
ADD CHECK (zosungidwa >= 0 AND zosungidwa <= zilipo);
```

Kuyesa koyenera ndi kupanga mpikisanowo mwadala. Pa sitolo yoyeserera, katundu amaikidwa pa 1, kenako pulogalamu yoyesera imatumiza maoda 50 nthawi imodzi. Oda imodzi yokha iyenera kuvomerezedwa ndipo 49 zikanidwe. Mayesowa abwerezedwe kambirimbiri, chifukwa pulogalamu yolakwika ikhoza kupambana ulendo umodzi mwamwayi.

Malire a njirayi

Zonse zimene zafotokozedwazi zimadalira chinthu chimodzi: kuti pakhale kaundula mmodzi amene kugulitsa kulikonse kumadutsamo. Masitolo ambiri ang'onoang'ono amagulitsa katundu yemweyo pakauntala, pa WhatsApp ndi pa intaneti. Wogulitsa pakauntala akapereka nyale yomaliza pa 10:02 n'kunena kuti alemba madzulo, loko wa detabesi alibe chimene angachite, chifukwa sakudziwa kuti nyaleyo yachoka. N'chimodzimodzi ndi antchito awiri amene akuyankha makasitomala pa WhatsApp, aliyense n'kulonjeza nyale yomweyo. Lamulo lake ndi lofanana ndi la pakompyuta: lonjezo lilembedwe kaye m'kaundula mmodziyo, kenako wogula auzidwe kuti atumize ndalama, ndipo nyale yosungidwa ichotsedwe pashelefu n'kumatidwa kapepala ka oda.

Kumene kaundula wa pakauntala ndi wa pa intaneti amagwirizanitsidwa pakapita mphindi zingapo, kampata kaja kamakula kuchoka pa mamilisekondi kufika pa mphindi zimenezo. Masitolo otere amasiya katundu wina padera: intaneti imanena kuti katundu watha pamene zatsala zinthu ziwiri kapena zitatu, zomwe zimagulitsidwa pakauntala pokha. Njirayi imataya malonda pang'ono a pa intaneti, koma imachepetsa kubweza ndalama. Pa katundu amene amaodedwanso mosavuta, sitolo ikhoza kusankha kulandira maoda onse awiri n'kuuza wachiwiri, asanalipire, tsiku limene wake adzafike. Pa chinthu chimene chilibe chinzake, monga galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito kapena mpando wa nambala m'basi, mwayi umenewu palibe, ndipo kusungira kokhala ndi loko ndi nthawi yothera ndiyo njira yokha yoonetsetsa kuti wolipira ndi mmodzi.